Msonkho wa pamsika: kukweza tikiti kuli ndi polekezera

Ndalama zikachepa m'thumba la khonsolo, mawu oyamba kumveka pamsonkhano amakhala akuti "tikweze tikiti ya pamsika". Ndawamva kangapo mawuwa kuno ku Mchinji, ndipo owanena amakhala ndi cholinga chabwino: akufuna zimbudzi, akufuna mashedi, akufuna malipiro a osesa. Vuto ndi loti amawerengera ngati kuti anthu olipira adzakhala omwewo tikiti ikakwera. Malangizo anga kwa inu a makomiti a misika, makhansala ndi otolera msonkho ndi akuti musanakweze, yambani mwakhala pansi ndi mabuku a malisiti n'kuchita masamu ali m'munsimuwa.

Ndalama zotoleredwa pa tsiku la msika zimachokera pa zinthu ziwiri: mtengo wa tikiti, ndi chiwerengero cha amene adula tikitiyo. Mukakweza choyamba, chachiwiri chimatsika. Mayi amene wabwera ndi ndowa imodzi ya tomato amawerengera phindu lake asanayale saka pansi. Akaona kuti tikiti idya gawo lalikulu, salowa mumsika. Amakayala m'mbali mwa msewu, kapena amayenda nayo khomo ndi khomo, kapenanso amadikira wotolera adutse kaye.

Tiyerekeze msika wina wa pa Kamwendo kapena pa Mkanda. Manambalawa ndi achitsanzo chabe, inu mudzaikapo anu. Tikiti ili pa K200, odula anali 400 pa tsiku la msika. Itakwera kufika pa K300, odula anatsala 350. Ndiye kuti K100 iliyonse yowonjezera ikuchotsa anthu 50, kapena tinene kuti K2 iliyonse ikuchotsa munthu mmodzi. Tikabwerera m'mbuyo ndi muyeso womwewo, tikiti ikanakhala yaulere mumsika mukanakhala ogulitsa 500. Tikati t ndi mtengo wa tikiti, N ndi odula, R ndi ndalama zonse, tilemba motere:

N = 500 − 0.5t

R = t × N = 500t − 0.5t²

Kachidutswa ka t² kameneka, kokhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, ndi kamene kamachititsa kuti ndalama zisamangokwera mpaka kalekale. Mukajambula R papepala, mzere wake umatuluka ngati chulu: umayambira pansi, kukwera, kufika pansonga, n'kutsikanso. Umagunda pansi kawiri. Koyamba ndi pa t = 0, pamene anthu adzaza koma palibe akulipira. Kachiwiri ndi pa t = 1,000, pamene tikiti yakwera mpaka palibenso woidula. Chulu cha masamu amenewa n'chofanana mbali zonse ziwiri, choncho nsonga yake ili pakatikati penipeni pa 0 ndi 1,000, pa K500. Amene anaphunzira masamu a kusekondale apeza zomwezo ndi lamulo loti ngati R = at − bt², nsonga ili pa t = a ÷ 2b, ndipo apa ndi 500 ÷ 1. Pa K500 odula ndi 250, ndalama ndi K125,000. Akatswiri a zachuma amautchula mzere wotere ndi dzina la Arthur Laffer wa ku Amerika, amene anautchukitsa m'zaka za m'ma 1970 pokamba za misonkho ya boma, koma nzeru yake ndi yomweyi ya pamsika.

Tsopano onani mmene ndalama zikuyendera pokwera chulucho. Pa K200 mukutolera K80,000. Pa K300 mukutolera K105,000, ndiye kuti mwapindula K25,000. Pa K400 odula ndi 300, ndalama K120,000, phindu latsika kufika pa K15,000. Kuchoka pa K400 kufika pa K500 mwangowonjezera K5,000 yokha. Mukapitirira mpaka pa K600, odula ndi 200, ndipo mwabwerera pa K120,000 ija.

Chifukwa chake chimaoneka mukaligawa pawiri sitepe lililonse. Pochoka pa K400 kupita pa K500, anthu 250 otsala akulipira K100 yowonjezera aliyense, yomwe ndi K25,000 yolowa. Koma anthu 50 achoka, ndipo aliyense ankapereka K400, yomwe ndi K20,000 yotayika. Pochoka pa K500 kupita pa K600, otsala ndi 200 okha, akubweretsa K20,000, pamene 50 ochokawo apita ndi K500 aliyense, K25,000. Tikiti ikamakwera, anthu oti muwakwezere amachepa, koma munthu aliyense wochoka amapita ndi ndalama yambiri. Nsonga ndi malo amene ziwirizi zalingana. Ilibe tanthauzo lina loposa pamenepa.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa ndinaonapo komiti ina itapeza nambala ya pansonga n'kuitenga ngati mtengo woyenera. Ayi ndithu. Nsonga ikungokuuzani malire oti musawadumphe. Taonani: pa K500 theka la ogulitsa onse, 250 mwa 500, ali kunja kwa msika. Si mwangozi ayi. Nthawi zonse chiwerengero chikamatsika mwa mzere wowongoka chonchi, nsonga imagwera pamene theka la anthu lathawa. Ndipo amene amayamba kuthawa si a mashopu kapena a mabelo a kaunjika, koma agogo a masamba ndi mnyamata wa nzimbe. Pamwamba pa chulu ndi pafulati: K400 ikukupatsani K120,000, omwe ndi magawo 96 mwa 100 a ndalama za pansonga, uku anthu ena 50 akadali mumsika. Ine nditafunsidwa ndingasankhe K400. K5,000 yotsalayo ikhoza kuthera pothamangitsana ndi ogulitsa a mumsewu.

Dziwaninso kuti K120,000 imapezeka pa mitengo iwiri, K400 ndi K600. Ndalama zokha sizingakuuzeni mbali ya chulu imene muli. Yang'anani zimene zinachitika mutakweza komaliza: ngati tikiti inakwera koma ndalama za pamwezi zinaima kapena kutsika, mabenchi ali mbee mkati pamene kunja kwa mpanda kwadzaza, mwadutsa kale nsonga, ndipo kutsitsa tikiti ndiko kungawonjezere ndalama.

Masamuwa amasokonekera kwambiri powerenga anthu. Mukatenga nambala imodzi mu Juni, mtedza ndi soya zili mbwee, ina mu Febuluwale nthawi ya njala, mudzanamizira tikiti mlandu wa nyengo. Yerekezani miyezi yofanana, ndipo tengani masiku a msika anayi kapena asanu, osati limodzi. Werengani malisiti, komanso muyende mumsika m'mawa kuwerenga mabenchi ndi masaka oyalidwa. Ngati oyala ndi 380 koma malisiti ndi 300, vuto si mtengo, ndalama zikutayikira m'njira. Manambala akale nawonso amatha ntchito: kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, K300 sinalinso yolemera ngati kale, choncho kuwerenga kwa zaka za m'mbuyo musakusakanize ndi kwa lero. Musaiwalenso kuti tajambula mzere wonse kuchokera pa mfundo ziwiri zokha, K200 ndi K300. Ukhulupirireni pafupi ndi mitengo imeneyo. Zimene ukunena pa K800 n'zongoganizira. N'chifukwa chake ndi bwino kukweza pang'ono, n'kuwerenganso pakatha miyezi itatu.

Chulucho chimathanso kukula. Mukakonza zimbudzi, madzi ndi denga mpaka ofuna malo mumsika n'kufika 600 m'malo mwa 500, R imakhala 600t − 0.5t², nsonga imasunthira pa K600 ndi ndalama K180,000. Ngakhale tikiti mutaisiya pa K400 pomwepo, odula akhala 400 ndipo mutolera K160,000 pa tsiku la msika.