Momwe mungapezere mtengo woyenera kulembetsa pa inshulansi ya nyumba

Eni nyumba ambiri pa Dedza boma ndi ku Ntcheu akamadula inshulansi amalemba ndalama zimene anamangira nyumbayo zaka zapitazo, kapena ngongole imene yatsala kubanki. Zonse ziwirizi n'zolakwika. Kampani ya inshulansi imafuna mtengo womangiranso nyumba yofanana ndi yanuyo pa mitengo ya lero, ndipo mukalemba wochepa, imakudulani pa malipiro ngakhale chawonongeka chili denga lokha.

Choyamba, chotsani malo pa chiwerengero chanu. Puloti siipsa ndi moto, choncho mtengo umene mungagulitsire nyumba suthandiza pano. Nyumba ya m'mbali mwa msewu wa M1 ingagulitsidwe modula chifukwa cha pamene ili, pomwe ina ya ku Tsangano ingakhale yotchipa pogulitsa koma yodula pomanga, poti simenti ndi malata zimakafika ndi thiransipoti yokwera mtengo.

Kenako yezani nyumbayo kunja kwa makoma, mulitali ndi mulifupi, mupeze masikweya mita ake. Khonde liyezeni palokha. Funsani makontirakita awiri kapena atatu a m'dera lanu kuti pakadali pano akumanga pa ndalama zingati sikweya mita imodzi ya nyumba ngati yanu, ndipo muwauze zoona: njerwa zootcha kapena mabuloko, pansi pa simenti kapena matailosi, siling'i ilipo kapena ayi. Nyumba ikakhala yaikulu kapena yosanja, lipirani katswiri wowerengera mitengo ya zomanga akulembereni lipoti. Lipotilo ndi umboni wanu tsiku limene mudzasiyane maganizo ndi kampani.

Pa chiwerengerocho onjezani zimene anthu amaiwala: mpanda ndi geti, nyumba ya antchito, thanki ya madzi, dzenje la zonyansa za m'chimbudzi, mawaya a magetsi ndi mapaipi. Ikaninso ndalama zogwetsera makoma opsa ndi kututa zinyalala, zolipira wojambula pulani, ndi za chilolezo cha kukhonsolo. Pomaliza siyani kagawo ka kukwera kwa mitengo, chifukwa ngozi ingagwe mwezi wa 11 wa inshulansi yanu, kumanganso n'kutenga miyezi ina.

Tsopano onani chimene chimachitika mukalemba wochepa. Manambala awa ndi achitsanzo chabe. Nyumba ya masikweya mita 120 ikufunika K60 miliyoni kuti imangidwenso ndi zonse tatchulazi, koma mwini wake analembetsa K36 miliyoni. Mvula yamkuntho yasasula denga, siling'i yanyowa, ndipo wowerengera zowonongeka amene kampani yatuma wapeza kuti kukonza kukufunika K10 miliyoni. Mwini nyumba amaganiza kuti poti K10 miliyoni ndi yochepa kuyerekeza ndi K36 miliyoni, alandira yonse. Sizitero. Wowerengerayo sayang'ana denga lokha, amawerengeranso mtengo womangira nyumba yonse. Akapeza kuti K36 miliyoni ndi magawo 60 pa 100 a K60 miliyoni, kampani imalipira magawo 60 pa 100 a zowonongekazo, yomwe ndi K6 miliyoni. Pamenepo imachotsanso ekisesi, kandalama koyamba kamene mgwirizano umati mwini azilipira yekha. K4 miliyoni yotsalayo ituluke m'thumba mwake.

Lamuloli limalembedwa mu mgwirizano pa ndime imene a inshulansi amaitchula kuti avareji. Ganizo lake n'lakuti amene walipirira gawo lokha la nyumba wadzisenzetsa yekha ngozi ya gawo lotsalalo. Nyumba ikapsa yonse, malipiro sangapitirire K36 miliyoni, ndipo ndalama imeneyo siingafikitse nyumbayo pomwe inali.

Kulemba mtengo wopitirira sikupindulitsanso. Mukalemba K90 miliyoni mudzalipira zambiri chaka chilichonse, koma kampani idzangobweza zimene zawonongekadi.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri m'vutoli si chinyengo ayi, koma kungosainira kalata yowonjezera chaka osasintha nambala. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya simenti, zitsulo ndi malata inatsatira. Ngati nambala ya pa pepala lanu ndi ya kale kuposa pamenepo, mosakayika ndi yochepa. Iwerengereninso chaka chilichonse musanalipire, komanso mukawonjezera chipinda, mukaika sola kapena mukamanga mpanda. Simufunika kudikira kutha kwa chaka: lemberani kampani kapena ejenti wanu, mulipire kandalama kowonjezera ka miyezi yotsalayo, ndipo musunge kalata yotsimikiza kusinthako.

Musanasaine, funsaninso ngati mgwirizanowo umalipira mtengo wa zipangizo zatsopano kapena umachotsa kaye za kutha kwa zakalezo. Pa denga la malata a zaka 20, yankho lake limasintha kwambiri ndalama imene mudzalandire.