Lekani kudikira Disembala kuti mudziwe ngati banja lilipo

Chaka chikupita kumapeto, ndipo mawu amene ndikumva kwa mabanja athu a ku Rosettenville, Yeoville ndi Diepsloot kuno ku Joni ndi amodzimodzi: "Tikakambirana kumudzi pa Disembala, pamaso pa ankhoswe." Anthu awiri ogona chipinda chimodzi, amene anasiya kuyankhulana nyengo yozizira isanayambe, akudikira basi ya pa Park Station kuti ikawathetsere nkhani ku Mangochi kapena ku Mzimba. Chizolowezi chimenechi chikuwononga mabanja amene akanapulumuka, komanso chikumangirira anthu m'mabanja amene anatha kale.

Ankhoswe ndimawalemekeza. Koma taganizani zimene mukuwapatsa. Mufika mutatopa ndi pa Beitbridge, muli ndi masabata awiri, abale akudikira katundu, Khirisimasi ili pakhomo. Nkhani ya chaka chathunthu muikamba masana amodzi pakhonde. Amalume sanaonepo chipinda chanu cha ku Joni, sadziwa amene amalipira lendi, sadziwa kuti bambo amachoka Lachisanu n'kubwera Lolemba. Anena chiyani? "Banja ndi kupirira, bwererani mukakhale bwino." Januwale mubwerera ndalama zitathera ulendo, vuto lili pomwe lija. Pa miyezi yodikirayo wina watenga ngongole kwa akatapila m'dzina la banja, wina waima, wina wapezeratu chibwenzi.

Choipa kwambiri n'chakuti miyezi yonseyo simunapemphe mnzanuyo kanthu kooneka, ndiye simukudziwa ngati angasinthe kapena ayi. Mwangokhala mukuwerenga zolakwa zake mumtima.

Bambo wina amene ankalima ku Dedza, pano amasamala maluwa kunyumba za ku Randburg, anabwera kwa ine akuti banja lake latha chifukwa amakangana ndi mkazi wake tsiku lililonse. Nditafunsa chimene amakanganira, anati ndi ndalama zotumiza kumudzi: iye amatumizira mayi ake osanena, mkaziyo n'kudziwira pa uthenga wa pafoni. Mkaziyo ankakalipa, inde, koma ankamusungirabe ndiwo akachedwa kuntchito. Tinagwirizana chinthu chimodzi: pakutha pa mwezi malipiro onse aikidwe patebulo, R2,000 ya lendi ichoke kaye, zotumiza mbali zonse ziwiri azitchula limodzi. Mwezi woyamba anachita mong'ung'udza. Wachiwiri anatulutsa yekha envulopu asanakumbutsidwe. Iye mwini anati: "Alangizi, chimanga chofota ndi dzuwa musachiweruze masana. Kachioneni m'mawa. Chikadzuka, mizu ilipo. Chodyedwa ndi chiswe sichidzuka ngakhale mvula igwe usiku wonse."

Kukangana si chizindikiro choti banja latha. Amene akukalipa nthawi zambiri akufunabe kumvedwa. Ine amandiopsa ndi aja onena kuti "ife sitikangana," kenako n'kupeza kuti aliyense amaphika poto wake, wina akadwala mnzake safunsa, ndipo mkazi akamva kuti mwamuna sabwera usikuwo mtima umakhala m'malo. Chinanso ndi kunyoza. Mkwiyo umatha, koma munthu amene wayamba kukusekani pamaso pa anzake, kukutchulani mbuzi, kupotoza milomo mukamayankhula, ulemu unamuthera, ndipo kuubweza n'kovuta kuposa kubweza ndalama.

Tsono chitani izi musanagule tikiti. Sankhani chinthu chimodzi chimene chikukupwetekani, chooneka ndi maso. Osati "uzindikonda," koma "malipiro tiziona limodzi" kapena "ukagona kunja uziimba." Chineneni tsiku limene simunakangane, ndipo mufunse chimodzi chimene iyenso akufuna kwa inu. Perekani miyezi iwiri. Musawerengere kupepesa, misozi kapena giloseri ya tsiku lotsatira. Onani ngati wachita osathamangitsidwa. Akalephera kamodzi koma n'kubwera yekha kudzavomera, limbanani nalo banjalo, ndipo a bungwe la FAMSA amapereka uphungu wa mabanja konkuno. Akakana ngakhale kukhala pansi, kapena kulonjeza n'kubwereza bodza lomwelo, mukulimbana nokha. Ankhoswe aimbireni foni pano, muwauze zimene munapempha ndi zimene zachitika.

Muyeso umenewu sugwira ntchito pamene pali kumenya, kuopseza, kulanda pasipoti kapena kukanyanga pakhosi. Pamenepo musayese miyezi iwiri. Lamulo la kuno ku South Africa la 1998 loletsa nkhanza za m'banja limalola kukapempha chikalata chokutetezani kukhoti la majisitireti, ngakhale simunakwatirane ku boma, ndipo salipiritsa. Nambala yaulere yothandiza ochitidwa nkhanza ndi 0800 428 428, ya apolisi ndi 10111. Pasipoti yanu ndi makalata a ana musungitse kwa munthu amene mumamukhulupirira musanamuuze mnzanuyo kuti mukuchoka.