Musasaine invoisi ya nandolo musanagawe mzere uliwonse

Alimi a m'makopaletivi omwe mwayamba kutumiza nokha nandolo ku India, tiyeni tikambirane za pepala lomwe ambiri mumangolisaina chifukwa chiwerengero cha pansi chikuoneka chabwino. Ndikunena invoisi ndi pepala lowerengera ndalama lomwe limatsagana nayo, pomwe mzere uliwonse uli ndi madola mbali ina, makwacha mbali inayo.

Kalakuleta ya pa foni ndi yokwanira. Pa mzere uliwonse gawani makwacha ndi madola. Yankho lake ndi mtengo wa dola womwe wolemba anagwiritsa ntchito pa mzerewo, ngakhale sanaulembe paliponse. Ulembeni ndi pensulo m'mphepete. Ngati pepala lili pa kompyuta, madola ali mu kolamu B ndipo makwacha ali mu kolamu C, lembani `=C2/B2` n'kukokera m'munsi.

Titenge chitsanzo cha kopaletivi yomwe ikutumiza matani 30 kudzera ku Nacala, kumapeto kwa Novembala 2023. Mukukumbukira kuti mwezi umenewo Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mzere woyamba ndi nandolo, $600 pa tani, zonse $18,000, ndipo pambali palembedwa K30,600,000. Mukagawa mupeza 1,700. Mzere wa inshuwalansi uli ndi $150 ndi K255,000, womwenso ukupereka 1,700. Koma mzere wa thiransipoti uli ndi $2,400 ndi K2,832,000. Gawani: 1,180.

Apa palibe wakuba. Mwini lole anapereka koteshoni yake mu Okutobala, mlembi wa kopaletivi anangokopera manambala onse awiri monga analili, osaganiza kuti dola yasuntha. Pa 1,700 mzerewo umayenera kukhala K4,080,000, ndiye pasowa K1,248,000. Mukhozanso kuligwira vutoli kuchokera pansi: madola onse ndi $20,550, kuchulukitsa ndi 1,700 kukupereka K34,935,000, pomwe makwacha a pa pepala mukawaphatikiza akungofika K33,687,000. Kungoti njira ya pansiyi imakuuzani kuti china chake chalakwika, osakuuzani pomwe chalakwikira.

Choopsa chenicheni chimabwera wina akatenga K2,832,000 ija n'kuibwezera ku madola ndi mtengo watsopano. Imatuluka $1,666. Ikalowa pa invoisi yomaliza, wogula alipira thiransipoti yoperewera ndi $734, koma mwini lole adzafunabe $2,400 yake yonse. Yotsalayo ichokera kuti? M'thumba la mamembala. N'chifukwa chake ndimati ndalama yomwe munagwirizana mu kontilakiti, kaya ndi dola kaya randi, ndiyo mwini nkhani. Makwacha amangotsatira. Musatembenuze nambala yomwe inatembenuzidwa kale.

Sikuti kusiyana kulikonse ndi cholakwa. Mukapeza 1,699.8 pa mzere wina ndi 1,700.1 pa wina, ndi matambala chabe omwe anadulidwa polemba, asiyeni. Koma mukapeza kusiyana kwa makwacha makumi angapo, kayikirani kuti wina watenga mtengo womwe banki imagulira dola, mnzake watenga womwe imagulitsira. Kuyambira Malichi 2024 mitengo iwiriyi inali cha m'ma K1,717 ndi K1,751. K34 imaoneka yochepa, koma pa $18,000 ndi K612,000. Inu otumiza katundu mukulandira madola, choncho banki ikamakusinthirani idzagula madola anu pa mtengo wotsikawo. Musalonjeze mamembala ndalama powerengera wokwerawo.

Palinso mizere yomwe munalipiradi m'makwacha, monga matumba ndi mankhwala ofukizira nandolo. Imeneyo lisiti ndiyo umboni, makwacha ake sasinthidwa. Chofunika n'kulemba tsiku ndi mtengo wa dola womwe mwagwiritsa ntchito poitembenuza.

Mukapeza mzere wosiyana, fufuzani pepala lomwe unachokera ndi tsiku lake. Kenako funsani ejenti wanu wa kasitomu mtengo wa dola womwe uli mu ASYCUDA, dongosolo la pa kompyuta la kasitomu, pa tsiku lomwe akulembetsa katundu ku MRA, chifukwa Form 12, fomu yolembetsera katundu ku kasitomu, imayendera umenewo, osati wa mlembi wanu. Onaninso kuti madola a pa invoisi ndi omwewo ali pa CD1, fomu yolengezera ndalama zakunja za katundu wotumizidwa, yomwe mwadzaza ku banki, poti banki idzayembekezera kuti ndalama yolowa ifanane ndi yomwe munalemba pamenepo. Makwacha akhoza kusiyana pang'ono pakati pa mapepalawa malinga ndi masiku, koma madola asasiyane ngakhale ndi imodzi.

Musafute ndi cholembera. Wolemba invoisi atulutse ina yatsopano, mtengo wa dola ndi tsiku lake zilembedwe pamwamba kamodzi kokha, yakale ija muisunge m'failo mutailemba kuti yathetsedwa. Chitani izi lole isananyamuke pa depoti. Ejenti akalembetsa kale, kukonza kumafuna pempho ku MRA, ndipo lole ikamadikira pa boda, mwini wake amawerengera tsiku lililonse.