Kufupikitsa nkhani: ndichotse chiyani choyamba?

"Mkonzi akuti nkhani yanga ya mawu 900 itsike kufika pa 600. Ndiyambire pati?"

Musayambe ndi kuthothola mawu limodzilimodzi, chifukwa 300 simungawakwanitse motero. Choyamba lembani mfundo yaikulu ya nkhaniyo m'chiganizo chimodzi, kenako chotsani ndime yonse imene sikuthandiza mfundoyo, ngakhale ikome chotani. Ndime ziwiri zotere zingakupatseni mawu pafupifupi 150.

Mukatero, onani pamene pali zitsanzo ziwiri kapena anthu awiri onena zofanana. Asatsale onse, musunge wamphamvuyo. Mawu oyamba nawonso amakonda kuzungulira, choncho yambirani pamene nkhani yeniyeni yayambira. Kudulira ziganizo kubwere pomaliza.

Koma mawu a munthu amene akudandaulidwa m'nkhanimo musawakhudze, nkhani ingakondere mbali imodzi. Mukamaliza werenganinso yonse: dzina likangotulukira popanda kufotokozedwa, ndiye kuti mwachotsa ndime imene inamutchula koyamba.