Momwe Mungadziwire Dzina la Bandi Pamene Zilembo za pa Malaya Sizikuwerengeka

Pa kaunjika pamapezeka malaya akuda okhala ndi chizindikiro choyera chooneka ngati mizu ya mtengo kapena minga yolukanalukana. Nthawi zambiri chizindikirocho chimakhala dzina la bandi yoimba nyimbo za metulo, zomwe ndi nyimbo za rock zaphokoso kwambiri, makamaka za ku Ulaya ndi ku America, ndipo ojambula ake amapotoza zilembozo mwadala. Ngakhale zili choncho, dzinalo limapezeka ngati munthu atsata njira mwadongosolo, ndipo njira yake ndi imodzimodzi pa chigamba chosokerera kapena pa sitika.

Musanalimbane ndi zilembozo, yambani mwafufuza malaya onse. Pansi pa chithunzi pamakhala timawu tating'ono pafupi ndi chizindikiro cha ©, ndipo kawirikawiri timatchula chaka ndi dzina la bandi kapena la kampani yosindikiza. Kumsana kumakhalanso mndandanda wa mizinda ndi masiku amene bandiyo inakaimba, kapena dzina la chimbale lolembedwa momveka. Mukalemba mawu amenewa pa Google, nthawi zina ntchito imathera pomwepo.

Ngati palibe chilichonse, yalani malayawo pamalo osalala, pomwe pali kuwala kokwanira, n'kuwajambula foni ili pamwamba penipeni, osati chammbali. Dulani chithunzicho kuti patsale chizindikiro chokha, kenako chifufuzeni ndi Google Lens. Kudulako n'kofunika, chifukwa mukasiya malaya onse mudzangoona malaya ena akuda ogulitsa. Njirayi imathandiza pa mabandi otchuka, koma pa mabandi ang'onoang'ono imabweretsa zizindikiro zongofanana maonekedwe, choncho yankho lake musalikhulupirire musanalitsimikize.

Sitepe yofunika kwambiri, kwa ine, ndiyo kuwerenga ndi maso anu, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa poyambira kumanzere monga momwe timawerengera buku. Ojambula zizindikirozi amafuna kuti mbali ya kumanzere ifanane ndi ya kumanja, motero chilembo choyamba ndi chomaliza ndizo zimapotozedwa kwambiri, kutalikitsidwa ndi kupatsidwa mapiko kapena minga, pamene zapakati zimasiyidwa pafupi ndi maonekedwe ake enieni. Choncho yambirani pakati n'kumapita kunja. Chepetsani chithunzi pa foni kapena imani patali pang'ono, chifukwa timizere topyapyala ta zokongoletsa timazimiririka ndipo mizere yokhuthala, yomwe ndi mafupa a zilembo, imatsala. Ikani pepala lopyapyala pamwamba pa chizindikirocho, mulondole mizere yokhuthala yokhayo ndi pensulo, kenako muwerenge kuti zilembo zilipo zingati, ngakhale zina musanazizindikire. Dziwaninso kuti mtanda, lupanga kapena nyenyezi yozungulidwa nthawi zina imaimira T, I kapena O, koma nthawi zina imangokhala chokongoletsa.

Tiyerekeze kuti mwagula malaya okhala ndi chizindikiro chomwe mbali zake ziwiri zikuoneka ngati mapiko a mleme, ndipo mbali iliyonse ili ndi mtanda wozondoka. Pakati mukuona A, Y, H ndi E. Zakumapetozo zikufanana ndendende, ndiye n'kutheka kuti ndi chilembo chimodzi chobwerezedwa, ndipo nsonga zake zikusonyeza M. Zilembo zonse ndi 6. Pitani pa `metal-archives.com`, nkhokwe ya mabandi a metulo yotchedwa Encyclopaedia Metallum yomwe inayamba mu 2002, ndipo m'bokosi lofufuzira dzina la bandi mulembe zilembo zoyambirira zomwe mukuziganizira, n'kuika kanyenyezi m'malo mwa zotsalazo:

```
may*
```

Pa mayina amene abwere padzakhala Mayhem, lomwe lili ndi zilembo 6, loyamba ndi M n'kutheranso M. Musathamangire kutseka foni, pakuti mabandi angapo amagwiritsa ntchito dzina limeneli. Tsegulani tsamba la bandi iliyonse n'kuyerekeza chizindikiro chomwe chili pamenepo ndi cha pa malaya anu, nsonga ndi nsonga. Cha mitanda yozondoka iwiri ndi cha Mayhem ya ku Norway, yomwe inakhazikitsidwa mu 1984.

Kufufuza kukakanika, ganizirani kuti mwina mwasokoneza zilembo zofanana, monga U ndi V kapena H ndi N, n'kuyesanso. Mwinanso dzinalo si lachingelezi, kapena bandiyo siili m'nkhokweyo, poti oyang'anira tsambalo salandira mabandi amene iwo sawaona ngati a metulo. Palinso makampani a zovala amene amangotengera kalembedwe kameneka popanda bandi iliyonse. Zikatero, yang'anani kansalu ka m'khosi: ngati dzina lomwe lili pamenepo likugwirizana ndi mizere imene munalondola papepala paja, ndiye kuti chizindikirocho ndi cha kampaniyo.