Kuwerengera nthawi yofika ku New York mukadutsira ku Addis Ababa

Nthawi zonse za pa tikiti ndi za pamalo pomwe ndege yanyamukira kapena kutera. Musamangozichotsera. Yambani mwazisintha zonse zikhale za UTC, nthawi imodzi yomwe maiko onse amayerekezerapo mawotchi awo.

Malawi ali pa UTC+2, kutanthauza maola 2 patsogolo pa UTC, Ethiopia pa UTC+3, ndipo onse sasintha mawotchi. New York ndiye yovuta: kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala imakhala pa UTC-4, miyezi inayo pa UTC-5.

Tiyerekeze kuti mu Julaye mwanyamuka pa Chileka Lachiwiri 14:00, yomwe ndi 12:00 UTC. Kuuluka maola 4, kudikira ku Addis maola 3, kenaka kuulukanso maola 17 kuphatikizapo poima kumwetsa mafuta, onse pamodzi ndi maola 24. Mutera Lachitatu 12:00 UTC. Chotsani 4, ndiye kuti 08:00 m'mawa ku New York, pomwe abale ku Zomba wotchi ikuti 14:00.

Ambiri amasokonezeka pa Addis. Mutera 16:00 UTC, koma wotchi ya pabwalopo ikuti 19:00, ndipo ndege yachiwiri inyamuka 22:00 ya komweko. Foni ikakhalabe pa nthawi ya kwathu iwonetsa 21:00, inu nkumati ola lilipobe, chipata atatseka kale.