Kalembedwe ka uthenga wa maliro

Uthenga wa maliro umawerengedwa ndi munthu amene mtima ukugunda, choncho chiganizo choyamba chinene amene watisiya. Lembani dzina lake lonse, pamodzi ndi lomwe anthu ankamudziwa nalo. Ngati ndi mayi wokwatiwa, onjezani dzina la kwawo, poti anzake a ubwana sadziwa la kubanja.

Kenaka tsiku lomwalira, malo ndi zaka zake. Zikatero tchulani komwe anthu akukhuza, tsiku ndi ola la mwambo, ndi komwe thupi likaikidwe m'manda. Kumapeto, wachibale mmodzi woti anthu amufunse.

Pa tsikuli mpamene ambiri timapunthwa. Ine ndinalembapo kuti “mwambo uliko mawa m'mawa”. Uthengawo unayenda pa mafoni masiku awiri, ndipo azakhali ena anafika manda atakwiriridwa kale, nkhata ya maluwa ili m'manja. Mpaka lero zimandiwawa. “Mawa” amasintha malinga ndi tsiku limene munthu wawerenga. Lembani chonchi: “Lachisanu pa 14 Malichi, nthawi ya 10 koloko m'mawa.” Yang'ananinso pa kalendala ngati tsikulo ndi detilo zikugwirizana. Ola likasintha, tumizani uthenga wonse watsopano wolembedwa pamwamba kuti “zasintha”, osati kachidutswa chabe.

Mawu akhale odekha ndi aulemu: “atisiya” kapena “amwalira”, osati “wafa”. Matenda musawatchule pokhapokha banja litavomera. “Atadwala kwa kanthawi” nzokwanira. Mbiri ndi zomuyamikira zisungireni pa mwambo. Ndipo musatumize uthengawo ana, makolo ndi mwamuna kapena mkazi wa malemu asanauzidwe pakamwa.